Lipoti la nkhani: K4,000,000 ya mayi wamasiye yomwe inagona ku banki zaka ziwiri

Lipotili ndi la mayi wina, mphunzitsi wa pasukulu ya pulayimale m'tauni ina ya m'chigawo chapakati, amene ndinamuthandiza pa nkhani ya ndalama kuyambira mu Epulo 2024 mpaka mu Meyi 2025. Dzina lake ndi la sukulu yake ndazisiya, ndipo manambala a m'mabuku ake ndawazungulira pang'ono kuti asavute kuwerenga. Ntchito yanga ndi yolangiza anthu za kasungidwe ka ndalama, makamaka aphunzitsi, anamwino ndi ochita mabizinesi ang'onoang'ono. Ndasankha nkhani iyi chifukwa mayiwa sanawononge ngakhale tambala imodzi, sanaberedwe ndi munthu, koma anataya ndalama yochuluka kuposa ambiri amene amabwera akulira kuti aberedwa.

Amuna awo anamwalira chakumapeto kwa 2021. Mu Malichi 2022 analandira K4,000,000, ndalama za kuntchito kwa malemuwo. Panthawiyo banjali linali ndi nyumba ya zipinda zitatu yomwe makoma ake anali atafika pamwamba, kungotsala kufolera. Iwo ankakhala m'nyumba ya lendi pamodzi ndi ana awiri, wamkulu, wamkazi, ali ku sekondale. Maganizo awo anali abwinobwino: kufolera nyumba, ndi kusungira mwana wamkazi uja ndalama ya kukoleji. Anali atatenga kale koteshoni ya malata, matabwa ndi misomali kuhadiweya ina, ndipo inakwana K1,150,000. Koma pakati pa iwo ndi abale a malemu panali kukokanakokana pa za puloti, ndipo iwonso ankaopa kuti anthu aziti chiliro chisanathe ayamba kale kudya ndalama za mwamuna. Achibale anawalangiza kuti asazikhudze, ku banki n'kotetezeka. Anaziika mu akaunti wamba yosungira ndalama, n'kuzisiya momwemo zaka ziwiri.

Anabwera kwa ine atabwerera kuhadiweya kuja ndi pepala lawo lakale, n'kuuzidwa kuti katundu yemweyo tsopano ndi K2,100,000. Funso lawo linali lakuti, "Kodi achimwene, wa sitoloyu akundibera kapena zinthu zafikadi pamenepa?"

Zomwe tinapeza titawerengera

Chinthu choyamba chomwe ndimapempha munthu aliyense ndi sitetimenti ya ku banki, osati zomwe akukumbukira. Yawo inasonyeza chiwongoladzanja cha pafupifupi 4 peresenti pachaka. Pa K4,000,000 ndiye kuti K160,000. Koma banki imadula msonkho wa 20 peresenti pa chiwongoladzanja ndalamayo isanalowe mu akaunti, choncho chomwe chinkatsala ndi K128,000 pachaka. Pofika mu Malichi 2024 mu akaunti munali pafupifupi K4,260,000. Mayiwa ankaona nambalayi ndipo mtima wawo unali m'malo, poti inali yaikulu kuposa yomwe anaika.

Nambala ina yofunika kuiika pambali pa iyi imachokera ku ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, yomwe mwezi uliwonse imalengeza mmene mitengo ya zinthu yakwerera poyerekeza ndi mwezi womwewo chaka chatha. Mu Malichi 2023 inalengeza 27 peresenti. Mu Malichi 2024 inali pafupifupi 32 peresenti. Anthu ambiri amangophatikiza ziwirizi n'kupeza 59, koma kukwera kwa chaka chachiwiri kumakwera pamwamba pa mtengo wokwera kale. Chinthu cha K100 chinafika pa K127 chaka choyamba, kenako K127 yo inakwera ndi 32 peresenti n'kufika pa K167 ndi matambala ena. Kutanthauza kuti katundu amene mayiwa akanagula ndi K4,000,000 mu Malichi 2022 ankafuna pafupifupi K6,700,000 mu Malichi 2024. Iwo anali ndi K4,260,000. Tikaitembenuza, ndalama yawo yonse pamodzi ndi chiwongoladzanja inali ndi mphamvu yogula ya K2,550,000 ya nthawi ija. Kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu linali litapita, popanda wobwera kudzatenga.

Nditawalembera zimenezi papepala anakhala chete kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti zili ngati thumba la chimanga lomwe anankafumbwe alowa. Kunja lili chilili, ukatsegula ndi ufa wokhawokha." Ine sindinawonjezerepo kanthu.

Komabe malata awo anakwera kuposa pamenepo. Kuchoka pa K1,150,000 kufika pa K2,100,000 ndi kukwera kwa pafupifupi 83 peresenti, pomwe zinthu zonse pamodzi zinakwera ndi 67. Apa m'pomwe pakulowa nkhani ya kugwa kwa kwacha, yomwe ndi yosiyana pang'ono ndi kukwera mitengo wamba ngakhale ziwirizi zimayendera limodzi. Pamene mayiwa ankaika ndalama ku banki, dola imodzi ya ku Amereka inkagulitsidwa pafupifupi K825. Kumapeto kwa Meyi 2022 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, dola n'kupitirira K1,000. Mu Novembala 2023 inaitsitsanso, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, kenako mu Malichi 2024 inasunthanso pang'ono kufika pa K1,751. K4,000,000 yawo inali madola pafupifupi 4,850 tsiku lomwe ankaika. Patatha zaka ziwiri, K4,260,000 inali madola pafupifupi 2,430. Theka.

Malata, ngakhale opindidwa m'mafakitale a konkuno, chitsulo chake chimachokera kunja ndipo chimagulidwa ndi madola. N'chimodzimodzi misomali, penti, mawaya a magetsi, feteleza, mankhwala ndi zipangizo za galimoto. Wa sitolo akamaika mtengo sayang'ana ndalama yomwe anagulira katundu amene ali pashelefu, amayang'ana yomwe adzagulire wina wobwezeretsa. N'chifukwa chake m'masiku otsatira chilengezo cha mu Novembala 2023 masitolo ena anasintha mitengo ya katundu wakale usiku umodzi, ndipo petulo anachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Palinso china chomwe sichioneka pa manambala a banki yaikulu: amalonda ambiri sapeza madola ku banki chifukwa ngosowa, amakawagula kwa mavenda pa mtengo wokwera kwambiri, ndipo mtengo umenewo ndi womwe umalowa m'malata. Ndinawayankha mayiwa kuti wa sitolo uja sakuwabera. Ndalama yawo inali ya kwacha pomwe chinthu chomwe ankasungira chinali cha madola, ndipo kwa zaka ziwiri ziwirizi zinkayenda motalikirana.

Mmene tinagawira ndalamayo

Sindiyamba ndi funso lakuti ndalama tiike kuti. Ndimayamba ndi lakuti ndalamayi ndi ya chiyani, ndipo idzafunika liti. Munthu akayankha zimenezi moona mtima, kopita ndalama kumadzionekera kokha. Mayiwa anali ndi zinthu zinayi: denga, fizi ya mwana amene ankalemba mayeso a Fomu 4 chaka chomwecho n'kuyembekezera koleji mu 2025, chakudya cha pakhomo, ndi kenakake kodalira pakagwa matenda kapena maliro. Mkangano wa puloti unali utatha, mapepala ali m'dzina lawo. Ndinapempha kuwaona mapepalawo ndisanalankhule za malata, chifukwa kufolera nyumba yomwe ena akuilimbirana n'koopsa kuposa kusiya ndalama ku banki.

Denga ndiye linatenga gawo lalikulu, K2,440,000: katundu wa K2,100,000, ndi K340,000 ya akalipentala komanso kukonza makoma. Apa sindinazengereze, ndipo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa pang'ono chifukwa ndi pomwe panali phindu lalikulu la ntchito yonseyi. Ngati ukudziwa kale chinthu chomwe udzagule, chinthucho n'chosawola, ndipo mtengo wake umatsata dola, palibe akaunti kapena chiwongoladzanja chomwe chingapose kuchigula lero. Mayiwa ankadandaula kuti akugula modula. Ndinawauza kuti mtengo wa 2022 unapita ndipo sudzabweranso. Chomwe chatsala ndi kusankha pakati pa mtengo wa lero ndi wa chaka chamawa. Panalinso lendi ya K60,000 pamwezi yomwe ankalipira. Kuileka ndi K720,000 pachaka, yopanda msonkho, pa ndalama yosakwana K2,500,000. Ndi pafupifupi 30 peresenti, tisanawerengere n'komwe kukwera kwa mtengo wa malatawo.

Koma njira yosandutsa ndalama kukhala katundu ili ndi maenje ake, ndipo anthu ambiri amagweramo. Loyamba ndi kulipira katundu n'kumusiya kusitolo kuti udzatenge ukadzakonzeka. Ndaonapo anthu ali ndi risiti m'manja, kwacha itagwa pakati, wa sitolo n'kunena kuti awonjezere kapena atenge malata ochepa. Enanso amapeza sitolo itatsekedwa. Tinagwirizana kuti tsiku lolipira ndi lomwelo lonyamula, galimoto ili panja.

Lachiwiri ndi geji. Nambala ya geji ikakhala yaikulu ndiye kuti lata ndi lopyapyala: geji 28 ndi yokhuthala kuposa geji 30, ndipo geji 32 ndi yofewa kwambiri. Mitengo ikamakwera, amalonda ena amasunga mtengo wooneka wotsika koma n'kukupatsa lata lopyapyala, ndipo koteshoni imangoti malata 52 osatchula geji. Titayerekeza makoteshoni atatu, yotsika kwambiri inali yotere. Mayiwa anapita ndi akalipentala awo, anaona chizindikiro chodindidwa pa lata, ndipo geji inalembedwa pa risiti.

Lachitatu n'lakuti si katundu yense amene amasungika. Simenti ndiye msampha waukulu. Mayiwa ankafuna kugula matumba 40 nthawi imodzi kuti adzagwiritse ntchito populasitala chaka chinacho. Simenti imakoka chinyezi ngakhale thumba lisanatsegulidwe, ndipo ikadutsa miyezi itatu imayamba kuchita zibuma n'kuchepa mphamvu. Chibuma chomwe sichikuphwanyika ukachifinya ndi zala ndiye kuti simentiyo yafa. Anagula matumba 8 okha okonzera pamwamba pa makoma pomwe mvula ya zaka ziwiri inali itagumula, ntchito yomwe pakoteshoni ya 2022 panalibe, ndipo nayo ndi mtengo wa kudikira. Matabwa nawo sachedwa kupindika kapena kulowa chiswe akangoikidwa pansi. Ngakhale malata akaunjikidwa pamalo onyowa amachita dzimbiri loyera pakati pawo. Mwayi wake unali wakuti mvula inali itatha, choncho katundu sanagone: anagulidwa kumayambiriro kwa Meyi, pofika kumapeto kwa Juni nyumba inali itafoleredwa. Analowa mu Ogasiti, pansi pasanapakidwe simenti m'zipinda ziwiri, mawindo ena atatsekedwa ndi njerwa.

Ndalama ya fizi sinali yosandutsa katundu, chifukwa koleji imafuna kwacha ndipo sitinkadziwa kuti mwanayo adzasankhidwira kuti. Pa ndalama yotere cholinga si kupindula ayi, ndi kuchepetsa kutayika. Tinaika K800,000 m'zikalata za ngongole ya boma, zomwe pa fomu ya ku banki zimalembedwa kuti Treasury Bills. Apa munthu amakongoza boma kwa masiku 91, 182 kapena 364, kudzera ku banki yake kapena kwa ogulitsa masheya ovomerezeka, ndipo tsiku likakwana ndalama imabwerera mu akaunti pamodzi ndi phindu. Panthawiyo, banki yaikulu itakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti mu Febuluwale 2024, zikalata za masiku 364 zinkapereka pafupifupi 26 peresenti pachaka, za masiku 182 pafupifupi 20, za masiku 91 pafupifupi 16. Cholakwika chomwe ndimakumana nacho kawirikawiri n'chakuti munthu amamva 16 peresenti n'kuganiza kuti adzailandira yonse pakatha miyezi itatu. Nambalayo ndi ya pachaka. Pa masiku 91 amalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a iyo.

Tinasankha za masiku 364 chifukwa ndalamayo sinkafunika chaka chisanathe. Pa K800,000 phindu linali K208,000, msonkho K41,600, chotsala K166,400. Ndinawauziratu mayiwa kuti ngakhale apa ataya ndithu: atachotsa msonkho akulandira pafupifupi 21 peresenti pomwe mitengo ikukwera ndi 30 kapena kuposa. Anafunsa kuti nanga n'kuvutikiranji. Yankho lake lili pa kusiyana kwa manambala awiri. Mu akaunti yakale K800,000 ikanakhala K825,600. Kuno ikhala K966,400. Kunonso kuli malire ake: ndalama imakhala yotsekeka mpaka tsiku lake, ndipo ukafuna kuitulutsa msanga umagulitsa chikalatacho motsika. N'chifukwa chake K420,000 tinaisiya dala mu akaunti yakale ija kuti ikhale ya mwadzidzidzi, tikudziwa kuti izidyeka mwezi ndi mwezi. Kudyekako ndi mtengo wolipira kuti mwana akadwala usiku musapite kwa akatapila.

Chimanga chinatenga K350,000. Pa mndandanda wa zinthu zomwe a ku Zomba amawerengera, chakudya chimatenga kuposa theka, ndipo m'dziko muno mtengo wa chakudya umatsogozedwa ndi chimanga. Chaka cha 2024 mvula inadula kwa nthawi yaitali chifukwa cha nyengo ya El Niño, ndipo mu Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala. Sizinafune ukatswiri kudziwa kuti pofika Januwale chimanga chidzakhala chodula. Mayiwa anagula matumba 10 a makilogalamu 50 pa K32,000 lililonse chakumapeto kwa Meyi, ndalama yotsala n'kugulira matumba aja osalowa mpweya amene anankafumbwe amafera momwemo popanda kuthira mankhwala. Chimanga chogulidwa anthu akungokolola chimakhala chisanaumitsitse, ndipo chikatsekeredwa chonyowa chimachita chuku. Anachiyanika masiku angapo, kenako anayesa ndi mchere: mchere wouma m'botolo lagalasi louma, kuthiramo chimanga pang'ono, kukhutchumula n'kudikira. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chimanga chikadali ndi chinyezi.

Alamu awo anawauza kuti agule matumba 40 adzagulitse mu Febuluwale. Ndinakana, ngakhale chaka chimenecho akanapinduladi. Chimanga sichikwera chaka chilichonse. Mu 2017 anthu anakolola zochuluka, boma linali litaletsa kugulitsa chimanga kunja, ndipo mitengo inakhala pansi kwa miyezi yambiri. Amene anasunga kuti adzagulitse anagwira njakata. Matumba 10 a chakudya cha pakhomo alibe vuto limenelo, chifukwa mtengo ukwere kapena utsike banja lidzadya nsima ndithu. Matumba 40 ndi bizinesi, ndipo bizinesi ya chimanga imafuna malo osungira, msika ndi mtima wopirira kuluza, zomwe mphunzitsi wa ana awiri analibe.

Alamu omwewo analinso ndi nzeru ina: kugula madola kwa mavenda n'kuwabisa m'nyumba. Ndikumvetsa chifukwa chake anthu amaganiza choncho, makamaka akaona kuti theka la ndalama ya mayiwa linapita ndi dola. Koma kugula ndalama zakunja kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu, madola achinyengo ndi ambiri m'misewu, ndipo venda amakugulitsa pa mtengo wokwera n'kudzakugula pa wotsika, kotero umayamba ndi kuluza usanafike n'komwe kunyumba. Ku banki nako munthu sangangopita kukagula madola oti asunge. Amafuna umboni wa ulendo kapena wa katundu woitanitsa, ndipo maakaunti a ndalama zakunja kwenikweni ndi a anthu amene amalandira ndalama kuchokera kunja. Ndinawauza mayiwa kuti malata awo ndiwo madola awo. Za masheya a ku Malawi Stock Exchange ku Blantyre tinakambirana mwachidule. M'chaka cha 2023 msikawo unakwera kuposa mmene mitengo ya zinthu inakwerera, koma masheya amatsikanso, ndipo nthawi zina wogula sapezeka tsiku lomwe ukufuna ndalama. Ndi malo a ndalama yomwe sudzaifuna kwa zaka zisanu kapena kuposa, ndipo mayiwa analibe ndalama yotere.

K250,000 yomaliza inapita ku banki mkhonde ya amayi a m'dera lawo. Iwo ankafuna kuikako K600,000, atamva kuti kumeneko ngongole imabwezedwa ndi 20 peresenti pamwezi. Tinagwirizana zochepetsa, ndipo sindinawaletse kotheratu chifukwa amayi omwewo ndi amene anawagwira dzanja pa maliro a amuna awo.

Zotsatira patatha chaka

Tinakumananso mu Meyi 2025 ndi mapepala onse. Ndinawapempha kuti adzere kuhadiweya kuja atenge koteshoni yatsopano ya katundu yemwe uja, ngakhale sankafuna kugula. Inali itapitirira K3,000,000. Akanadikira chaka china, gawo lalikulu la ndalamayo likanathera padenga, yotsalira fizi n'kuchepa. Lendi anali atasiya kulipira kwa miyezi isanu ndi inayi, yomwe ndi K540,000, ndipo anaigwiritsa ntchito kugula simenti pang'onopang'ono, matumba asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi, n'kumalizitsa pansi chipinda ndi chipinda.

Chimanga chinawafikitsa mu Epulo. Pamsika wa kwawo thumba linadutsa K70,000 mu Januwale ndi Febuluwale 2025. Thumba limodzi mwa khumi aja linawonongeka chifukwa khoswe anaboola pulasitiki yamkati, mpweya n'kulowa, anankafumbwe n'kuswana. Anazindikira mochedwa chifukwa linali pansi pa anzake, kukhoma. Matumba otere amafunika kukhala pathandala, motalikira khoma, ndi kumawayendera.

Zikalata za boma zinabweza K966,400 monga tinawerengera. Mitengo itakwera ndi pafupifupi 30 peresenti m'chakacho, ndalamayi inali ndi mphamvu ya K743,000 ya chaka chapitacho. Anataya pafupifupi 7 peresenti. Mu akaunti yakale akanataya pafupifupi 21.

Banki mkhonde ndiye inavuta, ndipo mmene inavutira ndi phunziro kwa alangizi anzanga chifukwa m'buku la gulu zinkaoneka ngati phindu. Gululo linali ndi lamulo lakuti membala aliyense azitenga ngongole, afune asafune, kuti ndalama isagone m'bokosi. Mayiwa anatenga K200,000 kawiri, opanda bizinesi yoti aigwiritsire ntchito, n'kubweza K240,000 ulendo uliwonse. Ndiye kuti anapereka K80,000 ya chiwongoladzanja kuchokera m'malipiro awo. Pogawana mu Disembala, buku linkati gawo lawo ndi K395,000, koma mamembala awiri anali asanabweze ngongole zikuluzikulu, mmodzi atasamuka, choncho aliyense anadulidwa ndipo iwo analandira K310,000. Anabwera akusangalala kuti apindula K60,000 pa K250,000. Titachotsa K80,000 yomwe anapereka okha, panatsala K230,000. Anali ataluza K20,000 ya kwacha zenizeni, tisanakambe za kukwera kwa mitengo m'miyezi isanu ndi iwiriyo.

Sindikunena kuti banki mkhonde ndi yoipa. Kwa mayi wogulitsa tomato kapena kaunjika, amene ngongole ya K200,000 amaizunguza katatu pamwezi, imathandiza kwambiri. Koma 20 peresenti ija siichokera kumwamba, imachokera m'matumba a mamembala omwewo, ndipo amene alibe bizinesi amangodzilipira yekha n'kusenzanso chiopsezo cha anzake osabweza. Nthawi ya kukwera mitengo chiopsezochi chimakula, chifukwa mabizinesi ang'onoang'ono ndiwo amayamba kugwa mpamba ukamalephera kubwezeretsa katundu. Zizindikiro zake zimaoneka msanga munthu akayang'ana: ngongole yokakamiza, membala mmodzi kutenga yoposa katatu masheya ake, ngongole yakale kubwezedwa ndi yatsopano, ndiponso buku losungidwa ndi munthu mmodzi lomwe ena saliwerenga. M'gulu lawo zitatu mwa izi zinalipo.

Pa K420,000 ya mwadzidzidzi anagwiritsapo K150,000 pamene mayi awo anagonekedwa m'chipatala mu Okutobala. Yotsalayo inadyeka monga tinayembekezera.

Mwana uja anakhoza ndipo anapeza malo pakoleji ina yophunzitsa zaumoyo. Fizi ya chaka choyamba inali itakwezedwa kuposa yomwe tinkaganizira mu 2024, choncho K966,400 sinakwanire chaka chonse monga mmene mayiwa ankayembekezera. Tinafunsa ngati kolejiyo imalola kulipiriratu zigawo ziwiri pa mtengo wa lero, ndipo inavomera, risiti n'kulembedwa momveka kuti ndi malipiro athunthu a zigawozo. Analipira K700,000. Yotsala, pamodzi ndi K310,000 ya ku banki mkhonde, tinaiika m'zikalata za masiku 182 kuti idzatuluke nthawi ya fizi yotsatira. Ku gulu kuja atsalako ndi sheya imodzi yokha pamwezi, ndipo apempha kuti lamulo la ngongole yokakamiza likambidwe pa msonkhano woyamba wa chaka. Amayi awiri aja sanabwezebe, ndipo nkhani yawo ili kwa amfumu.